Mwalakwitsa mtengo pa imelo ya malonda: mukonze bwanji, pa imelo, pa foni kapena mungokhala chete?

Tiyerekeze nkhani iyi chifukwa imachitika ndithu kwa anthu ogulitsa pa oda kuno kwathu. Kilabu ya alimi a mbatata ya kachewere ya ku Bembeke ili ndi mlembi wake, ndipo Lolemba m'mawa mlembiyo watumiza imelo kwa makasitomala 30, ena a malo odyera ku Lilongwe, ena a maloji, ena ndi aja ogula zambiri n'kukagulitsa kwa anyamata a tchipisi. Mu imelomo walemba kuti thumba la makilo 50 ndi K45,000, galimoto inyamuka Lachisanu, oda itsekedwa Lachitatu madzulo. Koma mtengo umene komiti inagwirizana ndi K54,000. Manambala awiri angosinthana malo basi, chala chinathamanga pa foni. Pofika 11 koloko loji ina yayankha kale kuti tisungireni matumba 20, ndipo bambo wina wa tchipisi waoda matumba 5 n'kutumiziratu ndalama pa Airtel Money. Enawo 28 sanayankhe, ena awerenga ena sanatsegule n'komwe.

Kusiyana kwake ndi K9,000 pa thumba. Pa matumba 20 a loji aja ndi K180,000, pa matumba 5 ndi K45,000. Onse 30 atati aode pa mtengo wolakwikawo kilabu igwa, ndiye kukonza kuyenera kuchitika lero lomwe. Funso ndi loti njira yake iti.

Choyamba chimene aliyense amaganiza ndi kuibweza imeloyo isanafike. Apa musatayepo nthawi. Gmail ili ndi Undo Send, koma imagwira kwa masekondi ochepa mukangotumiza, mumasankha nokha 5, 10, 20 kapena 30 ku Settings, ndipo ngati simunasinthepo ili pa 5. Zimene imachita ndi kuigwira kaye imeloyo isanatuluke, ikatuluka yapita. Outlook ili ndi Recall, koma imagwira pokhapokha ngati inu ndi wolandirayo muli mu kampani imodzi pa Microsoft 365 kapena Exchange, kwa kasitomala wa pa Gmail sichita kanthu. Ndiye kwa mlembi wathu uja amene wazindikira patapita maola awiri, njira iyi kulibe. Chokhacho chimene ndinganene n'choti kaikeni Undo Send pa 30 lero, chifukwa nthawi zambiri diso limaona cholakwa chala chitangodina kumene.

Yachiwiri ndi ija yokhala chete n'kudzakonza pa invoisi. Anthu amaikonda chifukwa palibe kuchita manyazi lero, amati ah tidzawauza akamadzalipira. Iyi ndiye yoipitsitsa, ndipo ndikunena motsimikiza. Wogula zinthu pa loji sagwiritsa ndalama zake, amakapempha kwa akauntanti kapena kwa bwana wake ndi imelo yanu ija m'manja, amalemba K900,000 ya matumba 20, abwana asayina. Lachisanu galimoto yafika pageti ndi invoisi ya K1,080,000. Tsopano munthu amene akuoneka wakuba pamaso pa abwana ake ndi iyeyo, ngati akufuna kudyapo K180,000. Mwamuika pamoto munthu amene anakukhulupirirani, ndipo kaya alandira katunduyo kaya ambweza, ulendo wina akagula ku Lizulu kapena ku Tsangano, mbatata sikusowa kumeneko. Komanso kulengeza mtengo wina n'kudzalipiritsa wina ndi mtundu wa madandaulo amene ogula amatha kupita nawo ku Competition and Fair Trading Commission, ndiye ngakhale inu mukudziwa kuti chinali chala chabe, pepala likuonetsa zina.

Pali njira ina yofanana nayo koma yooneka yaulemu pang'ono, kutumizanso imelo yomweyo, mutu womwewo, mawu omwewo, mutangosintha 45 kukhala 54 osanena kanthu. Vuto lake ndi loti munthu akaona maimelo awiri ofanana amaganiza kuti netiweki inavuta ndiye yabwera kawiri, amawerenga imodzi, ina amaisiya. Gmail imaunjika maimelo a mutu umodzi pamodzi, ndiye zimaonekeratu ngati chinthu chimodzi. Amene wawerenga zonse ziwiri n'kuona kusiyanako amayamba kudzifunsa kuti kodi mtengo wakwera m'maola awiri, kapena akundiyesa ngati ndiona? Mwasunga nkhope yanu koma mwabzala chikaiko, ndipo mapeto ake mukhalira kuyankha mafoni mmodzimmodzi kufotokoza zomwe mukanalemba kamodzi.

Ndiye tifike pa njira zenizeni, zomwe zonse zimavomera kuti panalakwika. Apa pali kusankha pakati pa imelo yopepesa yaitali ndi yaifupi, pakati pa kuyankha pa imelo yakale ija ndi kulemba yatsopano, komanso pakati pa kulemba ndi kuimba foni.

Yaitali ija tonse timaidziwa, chifukwa ife timakula tikuphunzitsidwa kuti ukalakwira wamkulu sungonena pepani kamodzi n'kutembenuka. Ndiye mlembi amayamba ndi moni wa mizere itatu, kenako kuti ndi mtima wosweka komanso manyazi aakulu tikulemba kalatayi, kenako kufotokoza kuti magetsi anazima, foni inali pafupi kuzima, mnyamata amene amatithandiza kulemba anali kumaliro ku Kasina, kenako kulonjeza kuti sizidzachitikanso mpaka kalekale, ndipo mtengo wolondola uja ukubwera mu ndime yachinayi. Pamaso ndi pamaso, pakhonde la munthu, kupepesa kotere kumakhala bwino. Pa imelo kumapweteka awiri nonse. Kasitomala akuwerengera pa foni ali kukhitchini kapena mu minibasi, amaona mizere iwiri yoyamba, akaona kuti ndi zopepesa amati chabwino n'kutseka, mtengo watsopano sanauone. Chinanso, zifukwa zambirimbiri zimamveka ngati mukuzemba, ndipo kutchula mnyamata uja ndi kumugulitsa pagulu pomwe imelo inatuluka m'dzina la kilabu. Kasitomala sanafunse kuti analakwitsa ndani, akufuna adziwe kuti alipira zingati.

Yaifupi ndi imene ine ndimaikhulupirira, ndipo ingaoneke chonchi.

Mutu: Kukonza mtengo wa kachewere: K54,000 pa thumba, osati K45,000

Okondedwa makasitomala athu,
Mu imelo yathu ya m'mawa uno tinalemba kuti thumba la makilo 50 ndi K45,000. Tinalakwitsa, mtengo wolondola ndi K54,000. Pepani chifukwa chokusokonezani.
Zina zonse sizinasinthe, oda itsekedwa Lachitatu madzulo ndipo galimoto inyamuka Lachisanu. Amene munaoda kale tikuimbirani lero.
Zikomo,
Mlembi wa kilabu

Taonani mmene yakhalira. Mtengo wolondola uli pa mutu penipeni, moti ngakhale munthu asatsegule wauona pa sikirini. Manambala onse awiri alipo, wakale ndi watsopano, ndipo izi ndi zofunika kwambiri chifukwa mukangolemba kuti mtengo ndi K54,000 osatchula wakale, munthu amene sakukumbukira bwino ayenera kubwerera kukafufuza imelo yoyamba kuti aone chasintha n'chiyani. Mawu oti tinalakwitsa alipo osabisa, osati zija zoti panali kusamvetsetsana, chifukwa kusamvetsetsana kumatanthauza kuti kasitomalanso ali ndi mbali yake, pomwe iye anawerenga bwinobwino zimene munalemba. Pepani alipo kamodzi. Ndipo mzere uja woti zina zonse sizinasinthe musausiye, chifukwa munthu akapeza cholakwa chimodzi amayamba kukaikira tsiku, sikelo, ngakhale nambala yolipirira, ndiye mumutsekeretu mafunsowo. Koma musanalembe mzere umenewo bwererani mukawerengedi imelo yoyamba ija liwu ndi liwu, mwina ndi mnzanu wa mu komiti, chifukwa kutumiza yokonza yachiwiri pa nkhani imodzi ndiye kumachotsa ulemu zedi. Ngati makasitomala anu mumawalembera m'Chingerezi, kamangidwe kake ndi komweko, cholakwa, cholondola, pepani mmodzi, zomwe sizinasinthe.

Ena amaona ngati kufupika chonchi ndi mwano, makamaka polembera achikulire kapena bungwe lalikulu. Ine sindikuona choncho. Ulemu uli m'mawu oti munaoda, tikuimbirani, pepani, komanso m'kusamutayitsa nthawi munthuyo. Ngati mukulembera munthu mmodzi amene mumadziwana naye mutha kuyamba ndi Bambo kapena Mayi n'kuikapo moni wa mzere umodzi, palibe vuto, bola chiganizo chachiwiri chikhale cha mtengo.

Nanga muyankhe pa imelo yakale ija kapena mulembe yatsopano? Zonse zili ndi malo ake. Kuyankha pa yakale, ndi Reply kapena Reply all, ubwino wake ndi woti cholakwa ndi chokonza zimakhala pamodzi, tsiku lina akauntanti akamafufuza apeza nkhani yonse malo amodzi. Izi zimakhala bwino pamene imelo inali ya kwa kasitomala mmodzi, ngati koteshoni ya loji. Kuipa kwake ndi koti mutu umangokhala womwe uja ndi Re: kutsogolo, ndiye kwa anthu ambiri amene sanayankhe imaoneka ngati chikumbutso chabe, zija za mwaiona imelo yathu? Pa gulu la anthu 30 ine ndingalembe yatsopano ya mutu wake wonena za kukonza. Ndipo samalani ndi mayina. Ngati poyamba munawaika mu Bcc, mmene wolandira saona mayina a anzake, pitani ku Sent mukatenge mndandanda womwewo, muwerenge kuti akwanadi 30, muwaikenso mu Bcc. Anthu akapanikizika amaiwala n'kuika onse pa To, ndiye loji iliyonse yaona kuti mumagulitsa kwa ndani, ndipo mwawonjezera cholakwa chachiwiri chachikulu kuposa choyamba. Osatumizanso kwa anthu amene sanalandire yoyamba ija, iwowo simunawalakwire kanthu, mungowasokoneza.

Tsopano awiri aja amene anaoda kale. Kwa iwo imelo ya gulu payokha siikwana, ndipo ndi pano pamene foni imapambana. Munthu amene wachitapo kale kanthu pa mtengo wolakwika sayenera kumva nkhaniyi ngati mmodzi wa gulu. Aimbireni, ndipo ngati n'kotheka muwaimbire musanatumize ya gulu ija kapena nthawi yomweyo. Koma musanagwire foni, komiti igwirizane kaye funso lovuta, kodi awiriwa tiwagulitsa pa K45,000 kapena pa K54,000? Osaimba musanadziwe yankho, chifukwa afunsa, ndipo mukayamba zoti ndifunse kaye apampando mwaonetsa kuti mwaimba kudzapepesa chabe opanda chokonza.

Kwa bambo wa tchipisi uja, amene walipira kale K225,000 ya matumba 5, ine ndinganene kuti mpatseni katundu wake pa mtengo umene anauona. Kilabu itaya K45,000, inde zimawawa, koma munthuyo walipira malinga ndi zimene munalemba, ndipo mwina wawerengera kale phindu lake pa mbale iliyonse. Kumuuza kuti awonjezere ndalama atalipira kale kumamveka ngati mwamukola. Pa foni mungoti, achimwene, mtengo uja tinalakwitsa, weniweni ndi K54,000, koma inu poti mwalipira kale matumba anu 5 abwera pa mtengo womwe munalipira, oda yotsatira ndiye idzakhala pa mtengo watsopanowu. Chiganizo chomalizachi osachiiwala, apo ayi sabata yamawa abwera ndi K45,000 yomweyo ndipo adzakhala ndi chifukwa.

Kwa loji nkhani ndi ina pang'ono, chifukwa sanalipire ndipo K180,000 ndi ndalama yoti alimi akaimva pa msonkhano sangakusiyeni. Pali njira zitatu zomwe ndimaziona. Mutha kulemekeza mtengo wolakwikawo pa matumba onse 20 ngati lojiyo ndi kasitomala wa sabata ndi sabata amene kutaya iyeyo kungawawe kuposa K180,000. Mutha kukumana pakati, mwachitsanzo matumba 10 pa K45,000 ndi ena 10 pa K54,000, zonse pamodzi K990,000, kilabu yataya K90,000 ndipo loji yaona kuti mwasenzako mbali yanu. Kapena mutha kunena zoona kuti mtengo uja sitingaukwanitse, ndi K54,000, ndipo muli omasuka kuchepetsa oda kapena kuisiya popanda vuto. Yachitatuyi si yoipa ngati mwaimba Lolemba lomwelo, munthu akadali ndi masiku okasintha pepala lake kwa akauntanti kapena kufunsa kwina. Imaipa mukaimba Lachinayi madzulo. Ndiye kusankha kwake kumadalira zinthu ziwiri, kukula kwa ndalama imene mutaye ndi nthawi imene yatsala kuti mnzanuyo asinthe mapulani ake. Chimene sindingachite ndi kulonjeza gulu lonse la 30 kuchotsera mtengo ngati chipepeso. Makampani akuluakulu amachita zimenezo chifukwa ali ndi poyambira, koma kilabu ya alimi imene yagula feteleza ndi mankhwala a chiwawu pa mtengo wa masiku ano ilibe malo amenewo, ndipo anthu 28 aja sanataye kalikonse.

Mukatha kulankhula pa foni, lembani. Izi anthu amaziiwala chifukwa foni yatha bwino, mwaseka limodzi, aliyense wamasuka. Koma amene munalankhula naye si amene adzalandire katundu pageti Lachisanu, mwina adzakhala wa sitolo kapena shefu, ndipo iwo ali ndi imelo yoyamba ija. Ndiye yankhani pa imelo ya oda yawo ndi mizere itatu, kuti monga tagwirizana pa foni lero, matumba 10 pa K45,000 ndi matumba 10 pa K54,000, zonse K990,000, kufika Lachisanu, pepani chifukwa cha cholakwa chathu pa mtengo woyamba, chonde tiyankheni kuti mwavomera. Akayankha kuti chabwino, dalaivala anyamule invoisi yogwirizana ndi zimenezo.

WhatsApp nayo ili ndi malo ake, tisaname, makasitomala ambiri amaiona msanga kuposa imelo, ena imelo amatsegula kamodzi patsiku akapeza bandulo. Koma ikhale yothandizira. Cholakwa chinapita pa imelo, chokonza chipitenso pa imelo, kenako pa WhatsApp mungoponya kuti takutumizirani imelo yokonza mtengo, ndi K54,000 osati K45,000. Voisi noti ayi, munthu sangaisindikize n'kupita nayo kwa abwana ake, ndipo nambala yonenedwa pakamwa ndi imene imamveka molakwika.

Zonse ndanenazi ndi za cholakwa cha mtengo. Zolakwa zina zimafuna kusintha kayendedwe. Ngati mwalakwitsa nambala ya akaunti ya ku banki kapena ya Mpamba, foni ibwere patsogolo kwa onse, osati kwa awiri okha, pa zifukwa ziwiri. Ndalama ikapita kwa munthu wolakwika kuibweza ndi ntchito, komanso imelo yonena kuti tasintha akaunti lipirani ku iyi ndi mmene akuba a pa intaneti amalembera, ndiye kasitomala wochenjera saikhulupirira mpaka amve mawu anu pa nambala imene amaidziwa kale. Mu imelo yokonzayo lembaninso dzina limene lidzaoneke akamalipira, kuti aliyerekeze asanaike PIN. Ngati mwalakwitsa tsiku, ngati kulemba Lachisanu pa 14 pomwe 14 ndi Loweruka, yokonza ndi yofunika ndithu chifukwa theka la anthu litsata dzina la tsiku, theka lina litsata nambala, ndipo polemba ikani zonse ziwiri molondola. Ngati mwalakwitsa dzina la munthu kapena mwalemba Bambo kwa mayi, chimenecho ndi cha munthu mmodzi, mzere umodzi kwa iye yekha wakwana. Koma ngati ndi chilembo chabe chathawa, mwalemba mbatta m'malo mwa mbatata, zisiyeni, palibe amene wasokonezeka, ndipo imelo yopepesa pa zoterezi imangodzaza bokosi la munthu. Muyeso wake ndimauona chonchi, kodi pali amene angalipire ndalama yolakwika, kubwera tsiku lolakwika kapena kuoda chinthu cholakwika chifukwa cha zimene ndinalemba? Ngati alipo, konzani lero.

Chotsala ndi mndandanda wa mitengo uja wa PDF, ngati munauphatikiza pa imelo yoyamba. Anthu amakonza mawu a mu imelo n'kuiwala kuti K45,000 ilinso mu fayiloyo, ndipo fayilo ndi imene imasungidwa pa foni, kutumizidwa kwa anzawo, mwinanso kusindikizidwa n'kumatidwa kukhitchini. Ikonzeni, muipatse dzina lina lokhala ndi deti la tsikulo kuti isafanane ndi yakale, muiphatikize pa imelo yokonzayo, ndipo muwonjezere chiganizo chimodzi chopempha kuti yakale ija aifufute. Musanadine Send itseguleni fayiloyo kuchokera mu imelo momwemo muone ngati ndi yatsopanodi, chifukwa pa foni mafayilo awiriwo amakhala moyandikana mu Downloads.